Purofesa wodziwa zigoli za mawa akupempha K50

Kale ku Kasenengwa munthu wofuna kudziwa za mawa ankagwira nkhuku n'kupita nayo kwa sing'anga. Masiku ano nkhuku zapuma. Odziwa za mawa adasamukira m'foni, ndipo sayembekeza kuti muwafune. Mumangodzuka m'mawa n'kupeza kuti usiku munthu wina wakulowetsani m'gulu la WhatsApp lomwe simudapemphe, lodzaza ndi zithunzi za matiketi obiriwira, galimoto yonyezimira ndi mitolo ya ndalama yoyalidwa pabedi. Mwini gululo sakhala Phiri, Jere kapena Banda ayi. Amakhala Purofesa, Dokotala kapena Mfumu ya Maodzi, ndipo malonda ake ndi amodzi: amagulitsa zotsatira za mpira womwe sudaseweredwe. Akuti mpirawo ndi wokonza kale, osewera adadya, oyimbira adadya, chatsala n'chakuti inu mulipire K50 yolowera m'gulu la VIP, mubetche, mulemere.

Mdala wina wa ku Chiparamba, amene foni yake ndi ya mabatani ndipo sadziwa kusiyana kwa Arsenal ndi Chelsea, adamva mphwake akufotokoza zonsezi uku akupempha ngongole ya K50.

"Ndiye kuti munthuyo akudziwa amene apambane mawa?"

"Akudziwa, amalume. Ngakhale zigoli akudziwa."

"Nanga kubetchako amamuletsa?"

"Ayi, nayenso amabetcha."

"Tsono munthu woti mawa akhala ndi ndalama zonse za kubetcha, lero akusowa K50 ya mwana wa mlongo wanga? Muuze abwere adzapalire mtedza. Ndimupatsa K60 ndi nsima yomwe."

Mphwayo adachoka atakwiya, n'kumauza anzake kuti okalamba samvetsa zamakono. K50 adaipeza kwina.

*

Funso la mdalayu aphunzitsi ena a masamu adaliika pa bolodi, chifukwa adatopa ndi ana a m'kalasi mwawo omwe ankawanyengerera kulowa gulu la "maodzi awiri tsiku lililonse". Lonjezo la gululi n'lakuti tsiku ndi tsiku Purofesa akupatsani tiketi yosalephera ya maodzi 2, kutanthauza kuti ndalama yomwe mwaika ibwerako kawiri. Zimene mwapambana mumazibwezera zonse pa tiketi ya mawa, mawa chimodzimodzi.

Aphunzitsiwo adati tiyambe ndi K10. Tsiku loyamba ikhala K20, lachiwiri K40, lachitatu K80. Pofika tsiku la 10 yakwana K10,240. Tsiku la 20 yadutsa K10 miliyoni. Tsiku la 30 yadutsa K10 biliyoni.

"Tsono ana inu," adatero aphunzitsi, "Purofesa wanuyu akuti wakhala akuchita zimenezi zaka zisanu. Pofika pano akadagula Chipata yense, Kapata Maketi ndi phiri la Kanjala lomwe. Bwanji akukupemphani kuti mumutumizireko ndi ya bandulo?"

Mnyamata wina kumbuyo adakweza dzanja. "Aphunzitsi, akuti amakonda kuthandiza osauka."

"Chabwino. Koma tiketi ya maodzi 2 mwayi wake wolowa sufika ngakhale theka, chifukwa a kampani ya kubetcha amachotserako zawo. Tingoti theka kuti tisakangane. Kuti ilowe masiku 10 motsatizana, mwayi wake ndi umodzi pa 1,024. Ndiye kuti mwa anthu chikwi amene ayamba ulendowu, mmodzi ndiye angafike tsiku la 10."

"Ameneyo ndine, aphunzitsi," adatero mnyamatayo, ndipo anzake onse makumi anayi adagwedeza mitu, aliyense akudzinena yekha.

*

Koma tisawaseke kwambiri, chifukwa ambiri salipira asanaone chizindikiro. Ndipo chizindikirocho amachionadi. Apa ndiye pagona luso lonse la ntchitoyi, choncho tikhalepo pang'ono.

Alamu awiri, wina wa ku Madzimawe wina wokhala ku Mchini m'tauni, adakumana pa mzere wogulitsa chimanga. Aliyense adali ndi chinsinsi chomwe chinkamuyabwa pakhosi. Wa kumudzi ndiye adayamba kulephera kupirira.

"Alamu, musauze munthu. Ndili ndi Purofesa. Masabata awiri wandiuza mpira waulere, wonse walowa. Loweruka lino akuti timu ya pakhomo ipambana. Ndalipira K200."

Wa m'tauni adatuwa. "Purofesa wake uti? Wa chithunzi cha suti ya buluu, ataima pambali pa ndege?"

"Yemweyo!"

"Inenso masabata awiri yalowa. Inenso K200. Koma ine wandiuza kuti apambana ndi alendo."

Adayang'anitsana mafoni. Nambala imodzi, mpira umodzi, mawu amodzi mpaka ndi malo omwe a zilembo zolakwika, kusiyana dzina la timu lokha. Adakhala chete nthawi ndithu, kenako wa kumudzi adati, "Basi alamu, mmodzi wa ife alemera. Tigawana."

Mpirawo adalepherana mphamvu, 1-1. Kwinakwake, mwina ku Katete, mwina ku Lundazi, kudali munthu wachitatu yemwe usiku umenewo adavina, akuti Purofesa ndi mneneri.

Mmene zimayendera ndi umu. Mpira uli ndi mathero atatu okha: apambana a pakhomo, apambana alendo, kapena alepherana. Tiyerekeze kuti Purofesa watola manambala a foni 810 m'magulu a Facebook ndi WhatsApp momwe anthu amakambirana za mpira. Sawauzira pagulu ayi, amawalembera mmodzimmodzi. Anthu 270 amawauza kuti a pakhomo, 270 kuti alendo, 270 kuti alepherana. Mpira ukatha, mulimonse mmene wathera, pali anthu 270 amene aona kuti Purofesa wanena zoona. Ena 540 aja amawataya, sawalemberanso.

Sabata yachiwiri amagawa anthu 270 aja patatu, magulu a anthu 90, n'kuchita chimodzimodzi. Atsala 90 amene aona zoona kawiri. Sabata yachitatu atsala 30 amene aona katatu motsatizana, kwaulere, popanda kuphonya. Anthu 30 amenewa simungawauze kanthu. Ngakhale abusa, ngakhale amfumu, ngakhale akazi awo. Iwo aona ndi maso awo. Apa ndiye pamabwera uthenga woti mpira waukulu uli Loweruka, koma uwu ndiye si waulere, ndi K500. Onse akalipira, Purofesa watola K15,000 asadaonere mpira ngakhale mphindi imodzi. Ndipo nkhani siyithera pomwepo, chifukwa akawagawanso patatu, 10 apambananso, ndipo amenewo sabata yotsatira agulitsa ng'ombe.

Msampha umenewu sudayambire kwathu kuno. M'chaka cha 2008 Mngelezi wina wa zamatsenga a pa kanema, Derren Brown, adauonetsa poyera pa wailesi ya kanema ya Channel 4. Adayamba ndi anthu 7,776 ndi mijaha ya akavalo asanu ndi mmodzi. Mjaha uliwonse ankagawa anthuwo pasanu ndi kamodzi, gulu lililonse kavalo wake. Patatha mijaha isanu padatsala mayi mmodzi yemwe adapambana yonse, ndipo adakhulupirira mpaka kusonkhanitsa ndalama zambiri, zina zobwereka, kuti aike pa mjaha wotsatira. Mayiyo sadali wopusa. Chomwe sankaona ndi anthu 7,775 aja amene adatayidwa m'njira. N'chimodzimodzi ndi mnzathu wa ku Katete: iye amaona foni yake yokha.

*

Alipo a Purofesa ena aulemu kwambiri, omwe safuna ndalama patsogolo. Amati, "Bwana, ine sindine wakuba monga enawo. Betchani kaye, mukapambana munditumizire gawo limodzi la magawo atatu."

Mkulu wina wa mpingo, munthu woopa Mulungu yemwe amasunga ndalama za kwaya, adakhudzidwa mtima ndi kukhulupirika kumeneku. Adabetcha K100 pa zigoli zenizeni, 2-1, ndipo idalowa pa maodzi 9. Pa K900 adatumiza K300 msangamsanga, ndi uthenga wothokoza wokhala ndi vesi.

"Amayi," adauza akazi ake, "m'dziko muno anthu oona mtima akadalipo."

"Iyeyo adaikapo zingati?" adafunsa amayi akusenda mtedza.

"Sadaikepo. Nzeru ndi zake, ndalama ndi zanga."

"Ikadapanda kulowa akadakubwezerani?"

"Ayi, koma..."

"Tsono inu muika ndalama, inu mudwala mtima mphindi 90, inu mukaluza muluza nokha, mukapambana mudya awiri. Abambo, ntchito imeneyo ndipatseni ine. Nanenso ndimatha kutchula 2-1."

Amayiwo adalasa pamtima penipeni. Purofesa wa mtundu uwu amatumiza 1-0 kwa uyu, 1-1 kwa uyo, 2-1 kwa wina, 2-0 kwa winanso, zigoli zonse zomwe mpira umakonda kuthera. Pa anthu makumi awiri, mmodzi kapena awiri alasa, ndipo amenewo atumiza gawo mokondwera. Otsalawo aluza ndalama zawo, osati zake, ndipo sangadandaule kwambiri poti sadamulipire kanthu. Mkulu wa mpingo uja sabata yotsatira adaika K600 yonse yotsala, n'kuonjezapo ya mayunifolomu a kwaya. Kwayayo idaimba pa Isitala itavala za kunyumba.

*

Nanga matiketi obiriwira aja, oonetsa K20 itabala K48,000?

Mnyamata wina wokonza mafoni ku Down Shops adatopa ndi makasitomala omuonetsa zithunzi zotere. Tsiku lina adaitana mmodzi kuseri kwa kauntala, n'kutsegula tsamba la kubetcha pa kompyuta. Adadina kumanja kwa mbewa, n'kusankha `Inspect`, pomwe pamaoneka zilembo zomwe zimapanga tsambalo. Pamene padalembedwa K3.50 adafufutapo n'kulemba K350,000. Tsambalo lidasintha pomwepo. Adalijambula.

"Mwalemera, bosi. Ndibwerekeni K20."

Kasitomala adatong'ola maso. "Ndingatape?"

"Yesani."

Atangolitsegulanso tsambalo, K3.50 idabwerera pamalo pake, chifukwa chomwe chidasintha ndi chooneka pa kompyutayo basi, osati ndalama za ku kampani. Koma chithunzi chidatsala, chokongola, choti n'kuika m'gulu. Kasitomalayo adaganiza kwa kanthawi, kenako adati, "Nditumizire chithunzicho. Pali mtsikana wina ku Kapata amandiyesa wosauka."

Palinso njira ina yochenjera kuposa iyi, yomwe imagwira ngakhale anthu osamala. Munthu amati, "Ine sindikhulupirira zithunzi, ndimayang'ana nthawi yomwe uthenga udalembedwa." Ndipo amapezadi kuti pa Facebook Purofesa adalemba 3-1 nthawi ya 10 koloko m'mawa, mpira udayamba madzulo, n'kuthera 3-1. Chomwe sakudziwa n'chakuti m'mawamo Purofesa adalemba mauthenga khumi ndi asanu, uliwonse ndi zigoli zake, onse atawaika pa `Only me` kuti aziwaona yekha. Mpira utatha adafufuta olakwika, wolondolawo n'kuusintha kukhala `Public`. Nthawi ya m'mawa ija imakhala pomwepo, ndipo sipaoneka chizindikiro choti mawu adasinthidwa, poti mawuwo sadawakhudze. Ku Telegram ndiye n'kosavuta kuposa apa: mwini tsamba amafufuta zonse zomwe zaphonya popanda kusiya phazi, moti mlendo wobwera mawa amapeza mzere wa zopambana zokhazokha kuyambira chaka chatha.

Mboni nazo zimakhalapo. "Zikomo Purofesa, ndagula minibasi." "Purofesa, ndamaliza nyumba." Mayi wina wogulitsa tomato ku Saturday Market, amene mwana wake adamuonetsa maumboniwa, adangofunsa kuti bwanji anthu onse othokozawo amalakwitsa Chingelezi pa liwu limodzimodzi, ndipo bwanji wina yemwe akuti ndi wa ku Petauke wapambana ndalama za ku Nigeria. Mwanayo adafuna kufunsa m'gulumo, koma adapeza kuti olemba ndi maadimini okha. M'gulu la anthu mazana, olankhula ndi Purofesa ndi mafoni ake ena atatu. Wina aliyense amene waluza amaganiza kuti waluza yekha.

*

Tsopano nayi nkhani ya soya, mwatsatanetsatane, poti ndi mmene ambiri amathera.

Mlimi wachinyamata adagulitsa soya wake kwa mavenda, m'thumba mudalowa K3,000 yoti agulire malata. Purofesa adati kulembetsa ndi K150. Adatumiza pa Airtel Money. Dzina lomwe lidatuluka pa foni potsimikiza silidali la Purofesa, lidali la mayi wina. Atafunsa, adayankhidwa kuti ameneyo ndi sekilitale.

Padabwera chithunzi cha tiketi, maina a matimu atawaphimba ndi utoto wakuda, pansi pakuoneka maodzi 350. Kuti utoto uchoke, K400. Adatumiza. M'malo mwa maina padabwera fayilo yokiya, ndipo nambala yotsegulira ili ndi "bwana wa ku Ulaya" yemwe amafuna K600. Apa mnyamatayo adayamba kununkhiza utsi, koma adawerenga kuti walowetsa kale K550, ndipo akaima pano ndiye kuti yapita yonse. Adatumiza. Kenako padabwera ya chitetezo, K500, yoti akapanda kuulula chinsinsi adzabwezeredwa. Adatumiza, ulendo uno pa nambala ya MTN, ya sekilitale wina, bambo.

Zonse pamodzi K1,650, ndipo mpira adampatsadi: timu ina ya m'ligi yaing'ono ya dziko lomwe sadalimvepo, yoti ikhala ikuluza popita kokapuma koma ipambana pomaliza. Adaikapo K1,000. Timuyo idaluzadi popita kokapuma, mnyamata n'kuyamba kufunsa mtengo wa njinga yamoto. Pomaliza idaluza 4-0.

"Purofesa, zatani?"

"Pepani bwana, oyimbira amene tidamulipira adadwala m'mimba, adabweretsa wina. Mabwana akwiya kwambiri. Mawa kuli mpira wopepesera, inu mungolipira theka."

Tamverani zifukwa zomwe zimaperekedwa, poti zimabwerezedwa: oyimbira adasinthidwa, goloboyi adaopa, apolisi adafika pa bwalo, wina m'gulu adaulula chinsinsi ndiye mabwana adatembenuza mpira. Chomalizachi ndiye chokoma, chifukwa mlandu umagwera inu makasitomala. Mnyamata uja atafunsa za K500 ya chitetezo, chithunzi cha suti ya buluu chidazimiririka, uthenga wake n'kutsala ndi kachizindikiro kamodzi. Adabulokedwa.

Adafika kunyumba ndi K350. Ambuye ake, amene ankadikira malata, adafunsa kuti ali kuti.

"Akubwera, ambuye. Oyimbira adadwala m'mimba."

Taonani kuti pa makwerero onsewa palibe pomwe adapemphedwa K1,650 nthawi imodzi. Akadapemphedwa akadaseka. Ndalama iliyonse idapemphedwa ngati yomaliza, ndipo iliyonse inkaoneka yaing'ono poyerekeza ndi zomwe zalowa kale ndi maodzi 350 omwe akudikira kutsogolo.

*

Wina anena kuti, kodi ukutanthauza kuti mpira wokonza kulibe? Ulipo, ndipo ife a Zambia tidaudziwa mochititsa manyazi. M'chaka cha 2011 ku Finland adagwira munthu wa ku Singapore, Wilson Raj Perumal, katswiri wogula mipira m'maiko ambiri. Khoti la ku Rovaniemi lidamupatsa zaka ziwiri, ndipo osewera asanu ndi anayi a timu ya RoPS adapezeka olakwa polandira ziphuphu: asanu ndi awiri a ku Zambia, awiri a ku Georgia. Dzina la munthu yemweyu lidamvekanso pa nkhani ya timu ya dziko la Zimbabwe, yomwe idapita kukaluza dala mipira ku Asia pakati pa 2007 ndi 2009.

Koma taonani mmene anthu otere amagwirira ntchito. Amalipira osewera ndalama zambiri, n'kukabetcha mwakachetechete kumisika ikuluikulu ya kubetcha ya ku Asia. Mdani wawo wamkulu ndi phokoso. Anthu ambiri akathamangira zotsatira zachilendo pa mpira waung'ono, maodzi amagwa, makampani amaona, amatseka kubetcha pa mpirawo n'kudziwitsa oyang'anira masewera. Ndiye munthu wawononga chuma kugula goloboyi, akuopa ndende, n'kutenga chinsinsi chimenecho kukachimwaza pa Facebook kwa anthu zikwi zisanu pa K50? Amene akudziwadi sagulitsa, ndipo mwina simudzamumva n'komwe mpaka tsiku la khoti.

Tikumbukenso kuti mpira ukakonzedwa ndi anthu osadziwa kubisa umaoneka bwanji. Ku Sierra Leone mu Julaye 2022, matimu awiri olimbirana kukwera ligi adapambana tsiku limodzi, ina 95-0, ina 91-1. Palibe Purofesa ngakhale mmodzi amene adatumiza zigoli zimenezo pasadakhale.

Ndipo pa 22 Novembala 2022, pamene Saudi Arabia idagonjetsa Argentina 2-1 ku Qatar, matiketi ambiri a "iyi ndiye yosakayikitsa" adafera limodzi masana amenewo. Wometa wina m'tauni akuti adasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kukakhala panja. Kasitomalayo sadadandaule. Nayenso adali ndi Argentina.

*

Aliponso ena omwe sapempha ndalama n'komwe, ndipo awa ndi ovuta kuwaloza chala. Amapereka matiketi aulere tsiku lililonse, pempho lawo ndi limodzi: mutsegule akaunti yatsopano ya kubetcha podina ulalo wawo, kapena polemba kodi yawo. Makampani ambiri a kubetcha padziko lapansi ali ndi dongosolo lolipira anthu owabweretsera makasitomala, ndipo kawirikawiri malipirowo amakhala gawo la ndalama zomwe makasitomalawo aluza. Mwamva bwino. Mlangizi wanu amadya inu mukaluza. Mukapambana, iye mwezi umenewo wachepekedwa.

N'chifukwa chake amakonda matiketi ataliatali, a matimu khumi. Timu iliyonse payokha imaoneka yosakayikitsa, maodzi 1.30, ndipo mukawachulukitsa onse khumi amafika pafupifupi 14. K20 ibale K280, ndani angakane? Koma timu ya maodzi 1.30 imapambana pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse, osati nthawi zonse. Kuti khumi onse apambane tsiku limodzi, mwayi wake ndi pafupifupi umodzi pa 18. Akulipirani ka 14 pa chinthu chochitika kamodzi pa 18. Kusiyanako ndiye chakudya cha kampani, ndipo mlangizi amanyemerako.

Apa ndiye padachokera nyimbo ya fuko ya obetcha onse, kuyambira ku Mwami mpaka ku Mtenguleni: "Yandiphera timu imodzi." Woyendetsa njinga ya hayala wina adaiimba kwa mkazi wake Lamlungu lililonse mpaka mkaziyo adaloweza. Tsiku lina bamboyo atafika adapeza nsima, mchere, madzi osamba m'manja, mbale ya ndiwo ili mbee.

"Amayi, ndiwo zili kuti?"

"Zonse zalowa, abambo. Ufa walowa, nkhuni zalowa, mchere walowa. Yatiphera timu imodzi."

*

Wobedwa angachite chiyani? Choyamba ndi liwiro. Ndalama ya pa foni ikafika, wakubayo amaitapa pa kabuthi kapena kuitumiza ku nambala ina m'mphindi zochepa, ndipo ikatapidwa kubweza kumavuta. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, muli ndi nambala ya malipiro yomwe imabwera mu uthenga wotsimikiza. Musafufute mauthenga chifukwa cha manyazi, ajambuleni onse Purofesa asadawafufute mbali yake. Bungwe la ZICTA lili ndi nambala yachidule yodandaulirapo za manambala akuba, `*707#`, ndipo kupolisi nakonso ndi koyenera kupita, poti kutenga ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu, kaya ndi pamsika kaya ndi pa foni. Kungoti dzina lotuluka potumiza ndalama kawirikawiri silikhala la wakubayo. Simu imakhala yolembetsedwa pa chitupa cha munthu wina, mwina mayi wa kumudzi yemwe adapereka NRC yake kwa mnyamata wolonjeza kumulembetsa thandizo. Sekilitale uja mwina sadziwa n'komwe kuti ali pa ntchito.

Ambiri sapita kulikonse. Kukaima pa kauntala ya polisi n'kunena kuti "ndimafuna kugula mpira wobera, ndiye andibera" kumafuna mtima. Mmodzi amene adalimba mtima akuti wapolisi adamufunsa, cholembera chili m'manja, "Tsono mukudandaula kuti mpirawo sudali wachinyengo?"

"Eya bwana. Adasewera mwachilungamo. Ndiye kuba kwake kumeneko."

Mnyamata wa soya uja sadapite kupolisi. Adalemba dandaulo lake pa Facebook, pansi pa tsamba lina la mpira, ndi nambala yake ya foni. Lisadathe tsiku adalandira uthenga kuchokera kwa munthu wodzitcha ofisala wothandiza obedwa pa intaneti. Ofisalayo ankadziwa zonse: K150, K400, K600, K500, ngakhale za m'mimba mwa oyimbira. Adati wakubayo wagwidwa, ndalama zilipo, chofunika ndi K300 yotsegulira fayilo.

Mnyamatayo adadabwa kuti boma likudziwa zinthu mwatsatanetsatane chonchi, pomwe iye pa Facebook adangolemba chiwerengero chonse osati chimodzichimodzi. Adathamangira ku kabuthi ndi K300 mwa K350 ija. Mtsikana wa pa kabuthi adalemba nambala, dzina lidatuluka, adamutembenuzira foni kuti atsimikize.

"Akulu, si mayi yemwe uja mudamutumizira K150 sabata yatha?"

Mnyamatayo adayang'ana dzinalo nthawi yaitali.

"Ndi yemweyo," adatero. "Kani sekilitale uja adapeza ntchito m'boma. Tumiza."